Kutempala chokoleti kuti izinyezimira ndi kuthyoka kuti thyo

Musanayatse moto tembenuzani kaye paketi ya chokoleti yanuyo muwerenge pomwe alemba zomwe aikamo, chifukwa chokoleti ilipo ya mitundu iwiri ndipo imodzi yokha ndi imene imafuna zonse ndikufuna kufotokozazi. Ngati mafuta ake ndi kokobata, mafuta ochokera mu njere za koko zenizenizo, imeneyo ndi chokoleti yeniyeni ndipo mukaisungunula muyenera kuitempala, kutanthauza kuitenthetsa ndi kuiziziritsa pa madigiri oyenera kuti iume yonyezimira ndi yolimba. Koma ngati alemba kuti muli mafuta ena a zomera, nthawi zambiri a pamu, imeneyo ndi kompaundi, ija yotchipirapo yomwe imapezeka mmashopu a zophikira makeke ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kompaundi mumangosungunula nkuthira basi, iuma yokha bwinobwino, kungoti mkamwa imasiya kaphulaphula kena kake ndipo fungo la koko limakhala lapatali. Nde ngati yanu ndi kompaundi dumphani mpaka pomwe ndikukamba za madzi, poti madzi okha sasankha, amaononga zonse ziwiri.

Chomwe chimachitika nchakuti kokobata akasungunuka nkuyambanso kuuma, sauma mwa njira imodzi. Angathe kuuma mwa njira 6 zosiyana, kutengera mmene tizidutswa take tosaoneka ndi maso tasanjikizirana, ndipo akatswiri anazipatsa manambala 1 mpaka 6. Njira zoyambirira zinayi ndi zofooka, zimasungunuka pa kutentha kochepa, yolimbako mwa izo ndi nambala 4 koma nayonso pa madigiri 27 kapena 28 yasungunuka kale, ndiye chokoleti yotere imafewa mukangoigwira, imapindika mmalo mothyoka, ndipo pakapita masiku imatuwa. Yomwe tikufuna ndi nambala 5, imene imasungunuka cha pa 33 kapena 34, kutanthauza kuti patebulo imakhala gwa koma ikafika mkamwa momwe muli 37 imasungunuka yonse. Kutempala konseku ndi kungoonetsetsa kuti pamene chokoleti ikuyamba kuuma, muli timbewu ta nambala 5 tokhatokha toti mafuta ena onsewo atengerepo. Mukangoisungunula nkuisiya iume yokha imasakaniza zonse, ndipo ndi mmene anthu amapezekera akudabwa kuti ndinagula yodula koma yatuluka mbuu.

Njira zotempalira zilipo zingapo koma ine ndikamba ya mbewu, chifukwa sifuna tebulo la mwala wa mabo lomwe mumaona mmavidiyo lija, imangofuna mbale, poto ndi themomita. Themomita yo musanyinyirike nayo mtengo, gulani ya dijito ya kansonga ngati msomali, chifukwa kusiyana kwa chokoleti yabwino ndi yoonongeka ndi madigiri awiri atatu okha ndipo chala sichingakuuzeni. Pali ena amadontheza kachokoleti pansi pa mlomo wammunsi, kakamveka kozizirira pang'ono akuti yafika, chabwino kwa amene anazolowera, koma mmawa wa Juni ku Bembeke milomo ili zii simungaidalire.

Tiyeni titenge magalamu 600 a chokoleti yakuda, tipange timabala ta mtedza.

Iduleni yonse ndi mpeni wouma pa thabwa louma, tizidutswa ngati nyemba kukula kwake kapena kucheperapo. Magalamu 400 ikani mu mbale yachitsulo kapena yagalasi, 200 otsalawo ikani pambali, imeneyi ndiyo mbewu yanu, ndipo iduleni mopyapyala kuposa inayo kuti isavute kusungunuka. Mbewuyo iyenera kukhala chokoleti yomwe ili bwino kale, yonyezimira, yothyoka bwino, yongochoka mu paketi. Ngati muli ndi ina yomwe inatuwa kapena yotsala pa ntchito ya dzana, imeneyo ipite mu gulu losungunulalo, isakhale mbewu ayi.

Mu poto thirani madzi pang'ono, ofika mfundo ziwiri za chala, atenthe mpaka ayambe kutulutsa nthunzi koma asabwadamuke. Mbale ikhale yaikulu kuposa kukamwa kwa poto kuti ikhale pamwamba ngati chivundikiro, pansi pake pasakhudze madzi. Ngati mukuphikira pa mbaula, ndipo ambirife ndi mmene zilili magetsi akathima, phulani poto kaye mumuike pansi kenako nkuikapo mbale, chifukwa makala simungawachepetse moto mwachangu ndipo nthunzi yotuluka mmbali mwa mbale ija ndi imene imabwerera mkati nkuononga zinthu. Takasani pang'onopang'ono ndi supuni yachitsulo kapena ya silikoni. Mthiko wa nsima usayandikire, mtengo umasunga chinyezi komanso fungo, ndipo palibe kasitomala akufuna chokoleti yonunkhira utaka.

Itenthe mpaka themomita iwerenge pakati pa 45 ndi 50. Mudzaona kuti pa 38 yasungunuka kale yonse ndipo mtima udzafuna kuphula, koma dikirani, tikufuna kuti mitundu yonse ya kauma ija ifafanizike tiyambe pa mbee. Osadutsa 55. Ikafika, chotsani mbale ndipo chinthu choyamba pukutani kunsi kwake ndi kansalu kouma, chifukwa madontho ali pamenepo ndi amene amatsetserekera mu zikombole nthawi yothira.

Pano thirani mbewu, koma osati yonse. Mabuku amati gawo limodzi mwa atatu, ndiye 200 ija, koma kwathu kuno nyengo yozizira mbale imataya kutentha mwachangu moti mukathira yonse kamodzi mutsala ndi zibulumwa zomwe sizikusungunuka. Yambani ndi 150, takasani osaleka, kupala mmbali ndi pansi chifukwa mmenemo ndi momwe imayamba kugwira. Themomita muziika pakati, isagunde chitsulo. Manambala adzatsika mofulumira poyamba, 42, 39, 36, kenako nkuyamba ulesi. Apa nde pamene pali nkhani yonse. Mbewu yomwe yasungunuka chokoleti ili pamwamba pa 34 yangothandiza kuziziritsa basi, timbewu take tafa ndi kutentha. Yomwe ikugwira ntchito ndi imene ikadali yolimba pamene mukudutsa 34 kupita pa 32. Choncho mukaona kuti muli pa 36 ndipo mbale yonse ili see popanda kachidutswa olo kamodzi, onjezerani pa 50 munasunga uja, pang'onopang'ono, mpaka mufike 32 muli tizidutswa tochepa tikusambirabe. Mukafika pa 31 kapena 32 vuulani totsalato ndi foloko youma, mutisunge, tidzagwira ntchito ulendo wina.

Kutakasako sikongofuna kuti izizire, ndi kumene kumamwaza timbewuto mbale yonse. Munthu amene amathira mbewu nkupita kukayankha foni amapeza manambala ali bwinobwino pa themomita koma chokoleti nkutulukabe ndi mizeremizere. Kuchoka pa 48 kufika pa 32 kwa magalamu 600 kutha kukutengerani mphindi 10 kapena 15, kukatentha kuposa pamenepo, musaithamangitse.

Ngati yanu ndi ya mkaka kapena yoyera njira ndi yomweyi koma manambala amatsika chifukwa mafuta a mkaka amafewetsa kokobata. Zonse ziwiri musungunule osadutsa 45 poti mkaka wa ufa uli mmenemo supirira moto, ya mkaka mugwiritse ntchito pa 29 kapena 30, yoyera pa 28 kapena 29.

Musanathire mu chikombole olo chimodzi, yesani. Viikani nsonga ya mpeni kapena kapepala kophikira makeke, muike patebulo, osati mu filiji, muyang'ane wotchi. Mu chipinda cha madigiri 18 mpaka 20 chokoleti yotempala bwino imayamba kuuma pa mphindi 3 mpaka 5, mtundu umodzi ponseponse, kakunyezimira kofatsa, mukakhudza sikumata chala. Ikakhalabe yonyowa patatha mphindi 10, kapena yauma koma ili ndi timizere totuwa, mbewu yachepa, ponyanimo kachidutswa kena mutakase mphindi ziwiri muyesenso. Kuyesera mu filiji nkudzinamiza, mmenemo chilichonse chimauma, yotempala ndi yosatempala yomwe. Ndipo chenjerani kuti khitchini ya pa Dedza boma mu Julayi mmawa itha kukunamizani chimodzimodzi, kukazizira kwambiri kampeni kaja kauma msanga olo zinthu zisanakhale bwino, ndiye muziyang'ana kwambiri maonekedwe ake osati liwiro lokha, kapena dikirani dzuwa likwere muyambe cha mma 10.

Kuzizira kwathuku nkwabwino ndithu pa ntchito imeneyi, anzathu a ku Golomoti ndi ku Bwanje mu Okutobala amavutika zedi poti chipinda chikafika madigiri 28 kapena 30 chokoleti siingaume bwino olo mutatempala motani, amayenera kudzuka mbandakucha. Vuto lathu ndi lina, chokoleti imalimba tikugwira ntchito. Timbewu tija sitisiya kuchulukana, ndiye pakapita mphindi zingapo mudzaona kuti yayamba kulemera, sikuyenda pa supuni, mwina themomita ikuonetsabe 31. Ibwezereni pa poto wa madzi ofunda uja masekondi 3 kapena 5, chotsani, pukutani kunsi, takasani, werengani. Kangapo konse mungatero. Malire ndi 33, mukadutsa 34 timbewu tonse tapita ndipo muyenera kuthiranso mbewu yatsopano ngati poyamba. Kuika mbale pa thaulo lopindapinda mmalo moiika pa simenti kumathandizanso kuti isazizire msanga.

Zikombole zikhale zouma ndi zoyera, zipukuteni mkati ndi thonje mpaka ziwale, chifukwa kunyezimira kwenikweni kuja chokoleti imatengera pa malo omwe yagonapo, mbali yomwe yayang'ana kumwamba sinyezimira chimodzimodzi olo mutatani. Za pulasitiki yolimba yoonekera mkati ndi zomwe zimawalitsa kwambiri, za silikoni zimatulutsa yofatsirapo. Zisakhale zozizira ngati zagona pabwalo, zifungatireni mmanja kapena ziikeni kanthawi pamalo ofundirako, chifukwa chokoleti ya 32 ikagwa pa chikombole cha zii imagwira mwadzidzidzi mwa njira zofooka zija nkusiya zipsera.

Mtedza, tinene magalamu 150 pa chokoleti yathuyi, ukhale wokazinga, wofikisa makoko, ndipo wozizira mpaka mkati. Wofunda usungunula timbewu tozungulira njere iliyonse nkusiya kamkombero kotuwa pamenepo. Thirani chokoleti mu zikombole, gogodani chikombole patebulo kangapo kuti mpweya utuluke, wazani mtedza, kanikizani pang'ono. Siyani pamalo ozizirira, madigiri 16 mpaka 20 ndi abwino, ndipo miyezi yambiri kuno chipinda chosalowa dzuwa chimakwana. Yotempala bwino ikamauma imafinyika pang'ono nkudzilekanitsa yokha ndi chikombole, mukayang'ana kunsi mudzaona ngati palowa kampweya, mukatembenuza imangogwa yokha. Ikakakamira mpaka kufuna kuikolopola ndi mpeni, dziwani kuti kutempala sikunatheke. Ngati kukutentha ndipo mwakakamizika kugwiritsa filiji, mphindi 10 mpaka 15 zokha nkutulutsa. Kuthyoka kwa thyo kuja musakuweruze tsiku lomwelo, mafuta amapitiriza kukhazikika, muyese mawa lake.

Nanga ngati mulibe mbewu, chokoleti yonse yomwe muli nayo ndi yotuwa? Zimathekabe. Sungunulani yonse mpaka 45 kapena 50, muike mbale mu beseni la madzi ozizira a pampopi mosamala kuti asalowe, mutakase mpaka itsike pa 27 kapena 28. Pamenepo timbewu ta nambala 4 ndi 5 tabadwa tokha. Kenako itenthetseni pang'onopang'ono kufika 31 kapena 32, ta nambala 4 tisungunuka nkutsala ta 5. Ndi yovutirapo poti nkosavuta kudumpha malire pokwera, koma ikatheka zotsatira nzofanana.

Tsopano za madzi

Munthu akamayang'ana chokoleti yosungunuka amaganiza kuti ndi chinthu chamadzimadzi choti kadontho ka madzi sikangachite kanthu, koma mulibe madzi mmenemo ayi, ndi fumbi louma la shuga ndi koko lomwe likuyandama mmafuta. Taganizani zomwe zimachitika mukapisa supuni yonyowa ndi tiyi mu bakuli la shuga, shuga amagwirana mibulu pa supunipo. Ndi zomwezo. Kadontho kamadzi kamasungunula shuga pang'ono nkukhala manyuchi omata, tizidutswa timamatirana, ndipo mmasekondi ochepa chokoleti yomwe imayenda bwinobwino ija yauma, yachita mibulu, yasiya kuwala, supuni ikukanika kuyenda. Theka la kasupuni ka tiyi nkokwana kuyambitsa zimenezi mu mbale yathu ija.

Madziwo nthawi zambiri simuwaona akulowa. Ndi nthunzi ya mu poto wobwadamuka, ndi chivundikiro chomwe mwaika pa mbale kuti muteteze ntchentche nkuchita thukuta mkati, ndi mpeni womwe mwangotsuka kumene, manja onyowa, zipatso zomwe mwatsuka osaumitsa bwino musanaviike. Zinanso zomwe anthu saganizira ndi vanila wa mbotolo ndi kala wa makeke wamadzi uja, zonsezi zili ndi madzi. Mukafuna kupaka mtundu chokoleti yoyera funani kala wa mafuta kapena wa ufa wopangidwira chokoleti.

Ikagwirana choncho yoti ibwerere kukakhala bala yothyoka ndiye iwalani, koma musataye. Mankhwala ake ndi odabwitsa, mumaonjezera madzi omwewo. Thirani mkaka wotentha, kirimu kapena madzi otentha, supuni imodzi imodzi mukutakasa mwamphamvu, poyamba idzaoneka ngati ikuipiraipira kenako mwadzidzidzi idzamasuka nkukhala see, chifukwa tsopano madzi akwana kusungunula shuga yense mmalo mongomumata. Muyembekezere supuni yaikulu imodzi pa magalamu 50 kapena 60 alionse, ndiye pa 600 athu aja ndi masupuni 10 kapena kuposa, ikakhala yakuda kwambiri imamwa ochulukirapo. Imeneyo thirani pa keke, pangani sosi, kapena sakanizani mu mtanda wa makeke. Koma siyanitsani ndi yopserera. Yopsa ndi moto nayonso imalimba nkuchita mchengamchenga, kungoti imanunkha kupserera ndipo imawawa, imeneyo palibe chowombola.

Kutuwa nako kuli pawiri, ndipo ndi bwino kudziwa komwe kwakugwerani chifukwa zoyambitsa nzosiyana. Konse kuwiri si chuku, chokoleti yotuwa imadyeka ndipo sidwalitsa, kungoti pa shelefu siigulika.

Koyamba nkwa mafuta. Pamakhala mizere, mawanga kapena kautsi kotuwa, mukasisita ndi chala pamatelera ndipo kutuwako kumasungunuka nkuzimirira. Kukaoneka tsiku lomwelo kapena mawa lake ndiye kuti simunatempale bwino, mafuta anauma mwa njira zofooka ndipo akusamukira ku njira yolimba akutulukira pamwamba. Kukaoneka patapita nthawi pa chokoleti yomwe inali bwino, ndiye kuti inatenthedwa penapake nkuumanso yokha, mwina pawindo, mwina mchikwama mu minibasi yotsika ku Golomoti masana, mwina mu shopu ya malata yomwe masana ikuotcha usiku nkuzizira, tsiku ndi tsiku. Ndipo timabala tathu ta mtedza tili ndi vuto lakelake, mafuta a mtedza ndi amadzi, amalowerera pang'onopang'ono mu chokoleti nkuifewetsa, moti olo mutatempala mwaluso todzaza mtedza timatuwa msanga kuposa topanda kanthu. Pangani tochepa toti tithe mmasabata ochepa. Chokoleti yotuwa ndi mafuta imakonzeka, isungunuleni mpaka 45 kapena 50 nkutempalanso ndi mbewu yabwino.

Kwachiwiri nkwa shuga, ndipo kwathu kuno nkumene ndimakuona kwambiri chifukwa cha chifunga ndi chinyezi cha nthawi ya mvula. Pamwamba pamakhala pokhakhala, pouma, ngati pawazidwa kafumbi, mukasisita sikusungunuka, mukadontheza kamadzi pamalopo kutuwa kumachoka chifukwa ndi shuga, pomwe pa kwa mafuta kadonthoko kamangokhala chilili. Chimachitika nchakuti chinyezi chimatera pa chokoleti, chimasungunula shuga wa pamwamba, chikauma shugayo amatsala poyera. Gwero lalikulu ndi filiji. Mwaisunga mmenemo usiku wonse, mwaitulutsa mmawa wa Febuluwale mvula itagwa, mphindi ziwiri yachita thukuta, pofika masana ili mbuu. Magetsi akamathimathima nde zimanyanya, poti filiji imafunda nkuziziranso kangapo pa tsiku ndipo ulendo uliwonse ndi thukuta latsopano. Imeneyi kuitempalanso sikuthandiza kwenikweni, shuga uja sasungunuka mmafuta ndiye mchenga umamvekabe pa lilime, komanso ngati idakali yonyowa itha kugwirana mukamaisungunula, bola ipite ku makeke.

Choncho ngati nyumba yanu ili ndi kabati yozizirira, youma, kutali ndi khitchini ndi zonunkhira ngati anyezi kapena sopo, sungani mmenemo mu kontena yotseka bwino, madigiri 15 mpaka 18 ndi omwe chokoleti imakonda. Kukatentha koti filiji simungaipewe, kulungani timabalato mu pulasitiki, muike mu kontena yosalowa mpweya, ndipo tsiku lotulutsa musatsegule pompo. Isiyeni patebulo chitsekere maola awiri kapena atatu mpaka kontenayo isiye kuzizira mukaigwira, thukuta lonse lidzakhala kunja kwa kontena, mupukute kaye kenako mutsegule.